Gemu ikakukanikani kapena mitundu ikakusokonezani: mafunso ndi mayankho

Ndili ndi kachipinda ka magemu, ma TV atatu ndi mapadi ochepa, ndipo amene amabwera kwambiri ndi anyamata ofuna mpira. Mafunso ali m'munsiwa ndawamva kambirimbiri, ena kwa osewera eniake, ena kwa makolo. Mayina a pa menyu ndawalemba monga mmene amaonekera pa sikirini kuti musavutike powafufuza.

Kodi kufewetsa gemu ndi kuyatsa masetingi othandiza osewera n'chinthu chimodzi?

Ayi, ndipo kusokoneza ziwirizi ndi kumene kumalepheretsa anthu ambiri kupeza thandizo. Masetingi a `Difficulty` amasintha kukula kwa mpikisano: mdani akhale wamphamvu bwanji, wochenjera bwanji, inu mupirire zibakera zingati. Masetingi a `Accessibility` amachotsa chotchinga chimene chili pakati pa thupi lanu ndi gemuyo: zimene maso akulephera kuona, zimene makutu sakumva, batani limene chala sichikulifikira.

Munthu wosasiyanitsa jezi yofiira ndi yagirini mukamutsitsira levulo, adzapitirizabe kupatsira mpira mdani, kungoti mdaniyo adzakhala wofooka. Simunamuthandize. Mukamusinthira majezi, mwina mudzapeza kuti ndi katswiri kuposa inu. Choncho funso loyamba lisakhale lakuti gemu yavuta bwanji, koma lakuti chikukuvutani n'chiyani kwenikweni.

Ndikasintha levulo, chimasintha n'chiyani mkatimo?

Zimatengera gemu. Mu EA Sports FC, imene ambiri timaitchabe FIFA, malevulo amayambira pa `Beginner`, kenako `Amateur`, `Semi-Pro`, `Professional`, `World Class`, `Legendary` mpaka `Ultimate`. Mukamakwera, otchinga kumbuyo a kompyuta amatseka mipata msanga, salakwitsa popatsirana kawirikawiri, ndipo mukataya mpira pakati amakulangani nthawi yomweyo. M'magemu omenyana ndi owomberana, kawirikawiri chimasintha ndi manambala: moyo wa mdani, mphamvu ya chipolopolo chake, ndi kuchuluka kwa zida ndi mankhwala amene mungatole m'njira.

Kuipa kwa levulo imodzi yotere n'kwakuti imasintha zonse pakamodzi. Munthu amene akuvutika ndi chinthu chimodzi chokha amakakamizika kufewetsa zonse, gemu n'kusanduka phala lopanda mchere. The Last of Us Part II, ya mu 2020, inagawa kuvutako m'zigawo zisanu: `Player`, `Enemies`, `Allies`, `Stealth` ndi `Resources`. Amene amachedwa kulozetsa mfuti atha kufewetsa adani okha, n'kusiya zipolopolo zili zosowa monga mmene zinalili, kuti mtima uzidumphabe akalowa m'nyumba yamdima. Ine ndimaona kuti kagawidwe kameneka n'kabwino kuposa mabatani atatu a `Easy`, `Normal` ndi `Hard`.

Koma kusewera pa `Easy` si kubera?

Kubera ndi kuphwanya lamulo limene mwagwirizana ndi mnzanu. Mukamasewera nokha ndi kompyuta, pa setingi imene opanga gemu anaikamo okha, palibe amene mwamubera. Ndimanena zimenezi motsindika chifukwa ndaona ana akusiya padi n'kutuluka panja anzawo atawaseka, ndiponso bambo wina amene anabwera ndi mwana wake akukana kugwira padi poopa kuchititsidwa manyazi.

Kuvuta sikukhala mu gemu mokha, kumakhala pakati pa gemu ndi munthu. Kulumpha kumene kumafuna kudina mkati mwa theka la sekondi n'kwapakatikati kwa mnyamata wa zaka 16 amene wakulira pa padi, koma kwa munthu amene dzanja linafooka ndi sitiroko ndi khoma lenileni. Mukamuwonjezera nthawi, iye amatuluka thukuta lomwelo limene mnyamata uja akutuluka.

Alipo opanga magemu amene amakana kuika levulo yofewa, ndipo mkangano unakula pamene Sekiro inatuluka mu 2019. Ufulu ali nawo wofuna kuti gemu yawo ikhale yowawa. Koma zilembo zazikulu, kusintha mabatani, ndi mitundu yooneka sizichepetsa kuwawako ngakhale pang'ono, ndiye palibe chifukwa chozimanira anthu.

Kodi munthu wosasiyanitsa mitundu amaona zakuda ndi zoyera zokha?

Ochuluka kwambiri amaona mitundu, kungoti ina imawafanana. Mkati mwa diso muli timaselo ta mitundu itatu tolandira kuwala: tina timamva kwambiri kuwala kopendekera ku kufiira, tina kwa girini, tina kwa buluu. Ubongo umayerekeza zimene magulu atatuwa akutumiza n'kutulutsa mtundu. Gulu limodzi likasowa kapena likamagwira ntchito mopendekera, mitundu imene limathandiza kulekanitsa imayandikana. Oona zakuda ndi zoyera zokha alipo koma ndi ochepa zedi.

Vuto lofala ndi la kufiira ndi girini. Pakati pa anthu ochokera kumpoto kwa Ulaya limapezeka mwa mwamuna mmodzi pa 12 alionse ndi mkazi mmodzi pa 200. Pakati pa anthu akuda a mu Afirika chiwerengero n'chotsikirapo, koma alipo ndithu, ndipo ambiri sadzidziwa. Amuna amachuluka chifukwa vutoli limayenda pa koromozomu X. Mwamuna ali nayo imodzi, yochokera kwa mayi ake, pamene mkazi ali nazo ziwiri ndipo yabwinoyo imaphimba inzake. N'chifukwa chake mnyamata satengera vutoli kwa bambo ake. Mukafuna kulilondola, funsani kuchimake: amalume ake, kapena agogo ake aamuna obereka mayi ake.

Ndingadziwe bwanji kuti ine kapena mwana wanga ali ndi vutoli?

Ndikuuzeni mmene ndinadziwira za mwana wa mchemwali wanga. Mnyamatayu ankasewera bwino, koma masiku ena ankangopatsira mdani mpira poyera, mnzake ali chapafupi. Anzake ankati wagona. Tsiku lina ndinaima kumbuyo kwake n'kuona kuti timu yake yavala zofiira, ina zagirini wakuda, ndipo kamera ili patali. Nditamufunsa anangoti, "Amalume, onsewa avala zofanana, ndikumawadziwira kumene akuthamangira." Tinabwerera ku menyu, mdani tinamuveka zoyera, ndipo mipira yotayika ija inatheratu.

Zizindikiro zake m'magemu zimakhala zoterezi: munthu amalakwitsa pa mitundu ina yokha osati nthawi zonse, amawombera mnzake wa timu imodzi, sadziwa kuti kamzere ka moyo kasintha kuchoka pa girini kufika pofiira, kapena amatchula buluu chinthu chimene ena akuti pepo. Samalani ndi chinthu chimodzi: m'Chichewa mawu oti "chobiriwira" ena amawagwiritsa ntchito pa masamba ndi pa thambo pomwe, ndiye kumufunsa mwana dzina la mtundu si mayeso abwino. Muuzeni asankhe zinthu zofanana n'kuziika pamodzi.

Mayeso odziwika ndi a Ishihara, timadontho tamitundumitundu tobisa nambala, amene dokotala wa maso wa ku Japan, Shinobu Ishihara, anatulutsa mu 1917. Mutha kuwapeza pa foni, koma sikirini iliyonse imaonetsa mitundu mwa njira yake, choncho yankho lodalirika ndi la kuchipatala cha maso.

Palinso chenjezo. Vuto lobadwa nalo silisintha, limakhala m'maso onse awiri moyo wonse. Ngati mitundu yayamba kukusokonezani posachedwapa, kapena m'diso limodzi, imeneyo si nkhani ya masetingi. Matenda a shuga, matenda ena a maso, ndiponso ethambutol, amodzi mwa mankhwala a TB, atha kuchititsa zimenezo. Pitani kuchipatala msanga mukafotokoze.

Pa menyu pali `Protanopia`, `Deuteranopia` ndi `Tritanopia`. Ndisankhe iti?

`Protanopia` ndi ya amene timaselo ta kufiira tili ndi vuto. Kwa iwo chofiira chimaoneka chodera, moti zilembo zofiira pa chinthu chakuda zimatsala pang'ono kusowa. `Deuteranopia` ndi ya amene vuto lili pa girini, ndipo gulu limeneli ndi lalikulu kuposa onse. Iwo amasokoneza zofiira, zagirini, zabulauni ndi zaolenji, koma chofiira sichiwadera. `Tritanopia` ndi ya vuto la buluu, losowa kwambiri, limene limagwira amuna ndi akazi mofanana. Iwo amasokoneza buluu ndi girini.

Ngati simunayezedwe, yambani ndi `Deuteranopia`, kenako yesani zinazo. Musayesere pa menyu. Lowani pamalo enieni pamene mumalakwitsa, sewerani mphindi zisanu pa setingi iliyonse, ndipo musunge imene yakuchepetserani zolakwa, ngakhale dzina lake litasiyana ndi limene adokotala anakuuzani. Magemu ena, monga Fortnite, ali ndi kokokera mphamvu ya setingiyo. Anthu ambiri timaselo tawo sitinasoweretu, tinangofooka, ndiye mphamvu yapakati imawakwanira.

Ndayatsa setingi ya mitundu koma palibe chasintha, mwinanso zaipiratu. Chalakwika n'chiyani?

Nthawi zambiri cholakwika si inu. Pali njira zitatu zimene opanga magemu amatsata, ndipo sizifanana ubwino.

Yotchipa ndi sefa yophimba sikirini yonse. Imakankha mitundu yonse kuti yofiira ndi yagirini italikirane, koma pokankhapo imakhudzanso udzu, thambo ndi nkhope za anthu. Munthu amene wakhala zaka 20 akudziwa mmene udzu umaonekera kwa iye amapeza dziko lachilendo, ndipo nthawi zina mitundu iwiri imene ankaisiyanitsa bwino imayamba kufanana. Mukaona zimenezi, chepetsani mphamvu yake kapena izimitseni.

Yabwinopo ndi yolola inu kusankha mtundu wa zinthu zofunika zokha: dzina la mdani, la mnzanu, kadontho kolozera mfuti. Dziko lonse limatsala mmene linalili. Pamenepa sankhani mitundu yosiyana kuwala kwake, wina wowala wina wodera. Buluu ndi olenji ndi awiri amene amathandiza anthu ambiri a vuto la kufiira ndi girini, ndipo ndi amene gemu yolota mawu ya Wordle imaika m'malo mwa girini ndi chikasu mukayatsa `High Contrast Mode`.

Yoposa zonse ndi yosadalira mtundu wokha. Mu Among Us muli ntchito yolumikiza mawaya amitundu, ndipo poyamba anthu osasiyanitsa mitundu ankangolota. Opanga gemuyo anawonjezera tizizindikiro pa waya uliwonse, basi vuto linatha popanda sefa iliyonse. Chizindikiro, nambala kapena kapangidwe zimagwira ntchito pa diso la mtundu uliwonse, ngakhale pa TV yakale imene mitundu inasuluka.

Tiuzeni mwatsatanetsatane: mumamukonzera bwanji munthu wotere gemu ya mpira?

Ndimayamba ndi majezi, ndisanakhudze menyu ya `Accessibility`. Pamene mukusankha matimu, gemu imakupatsani mpata wosankha jezi yapakhomo kapena yakoyenda. Timu imodzi ivale zoyera kapena zachikasu chowala, ina zakuda kapena zabuluu wodera. Yang'ananinso makabudula ndi masokosi, chifukwa kamera ikakhala patali diso limatola thupi lonse osati malaya okha. Pewani zofiira kukumana ndi zagirini, zofiira ndi zakuda, kapena zabuluu ndi zapepo. Kwa wa `Protanopia`, jezi yofiira pa udzu wa mumthunzi imabisala, ndiye ngati timu yake ili ndi jezi yoyera, avale imeneyo.

Pali kayesedwe kosavuta kamene ndimachita ndikakayikira. Ndimajambula sikirini ndi foni n'kusandutsa chithunzicho kukhala chakuda ndi choyera. Matimu akamaonekabe osiyana pachithunzi chimenecho, ndiye kuti majeziwo akusiyana kuwala ndipo pafupifupi aliyense awalekanitsa. Akafanana, ndimasintha jezi imodzi.

Chachiwiri ndi kachizindikiro ka pamutu pa wosewera amene mukumuyendetsa. Pa `Player Indicator Size` sankhani `Large`. Mukamasewera anthu angapo pa TV imodzi, aliyense amakhala ndi mtundu wake wa kachizindikiroka, ndipo wa vuto la mitundu asakhale ndi kofiira pamene mnzake ali ndi kagirini.

Chachitatu ndi nthawi ndi bwalo. Masewero amasana pa bwalo limene mthunzi wa denga umadula pakati amavuta kuposa ausiku pamagetsi, chifukwa osewera amalowa ndi kutuluka mumdima. Sankhani usiku, kapena bwalo lopanda mthunzi. Kamera muyiyandikitse pang'ono ngati TV ndi yaing'ono.

Sefa ya `Color Blindness` ndimaiyesa pomaliza, ndipo kawirikawiri pofika pamenepo imakhala yosafunikanso. Mwana wa mchemwali wanga uja anaiyesa n'kunena kuti udzu ukuoneka ngati wodwala, tinaizimitsa. Levulo yake sitinaitsitse n'komwe, anakhalabe pa `World Class`. Malo enieni a masetingiwa amasuntha chaka ndi chaka, koma mukalowa mu `Settings` n'kufufuza `Accessibility` ndi `Visual` muwapeza.

Nanga ngati gemu ilibe setingi ya mitundu?

Foni kapena kompyuta yanu ili ndi yake. Pa Android ambiri ili pa `Settings > Accessibility > Color correction`, pa iPhone pa `Settings > Accessibility > Display & Text Size > Color Filters`. Pa Windows fufuzani `Color filters`, ndipo mukalola njira yachidule mutha kuyatsa ndi kuzimitsa podina `Win + Ctrl + C`. Zonsezi ndi sefa zophimba sikirini yonse, ndiye zili ndi malire amene ndafotokoza pa funso la setingi yosathandiza. Musayatse ziwiri nthawi imodzi, ya foni ndi ya gemu, chifukwa mitundu imakankhidwa kawiri n'kusokonekeratu.

Maso anga ali bwino, koma gemu imathamanga kuposa manja anga. Pali chochita?

Chitsanzo chimene ndimakonda ndi Celeste, ya mu 2018, gemu yokwera phiri molumphalumpha imene munthu amafa kambirimbiri asanaimalize. Ili ndi `Assist Mode`, ndipo mkati mwake muli zosankha zosiyana: `Game Speed` yotsitsa liwiro mpaka 50%, `Infinite Stamina` yoti musatope pogwira khoma, `Air Dashes` yowonjezera kudumpha muli m'malere, ndi `Invincibility` yoti musafe.

Tiyeni tiwerengere. Tinene kuti pali mpata umene uyenera kudutsidwa mkati mwa theka la sekondi. Pa liwiro la 70%, theka lija limatalika kufika pafupifupi masekondi 0.7. Pa 50% limakwana sekondi yathunthu. Njira yodutsira sinasinthe, minga ili pomwepo, mabatani odina ndi omwewo motsatana momwemo. Chawonjezeka ndi nthawi yoti uthenga uchoke m'maso kufika ku chala. N'chifukwa chake ndimalangiza kuyamba ndi liwiro, kutsitsa pang'onopang'ono, 90% kenako 80%, mpaka kufa kuyambe kukuphunzitsani kanthu m'malo mongokukhumudwitsani. `Invincibility` muisungire chipinda chimodzi chimene chakukanikani masiku angapo, mukadutsa n'kuizimitsa, chifukwa ikakhala yoyaka nthawi zonse palibenso chokuchititsani kusamala.

Mu mpira chofanana nacho ndi `Game Speed` pa `Slow`, komanso kusiya kupatsirana ndi kuwombera pa `Assisted`.

Ndikazolowera thandizo, sindidzalephera kusewera popanda ilo?

Ena amalisiya, ena salisiya, ndipo onsewo akusewera. Amene vuto lake ndi kusazolowera amaona yekha kuti gemu yayamba kumugonetsa tulo, n'kukweza. Chizindikiro ndi chakuti mukupambana osaganiza. Amene vuto lake lili m'thupi sayenera kuyembekezeredwa kuti tsiku lina adzasiye, monga mmene sitiyembekezera kuti wovala magalasi adzawataye.

Hades, ya mu 2020, inapeza njira yanzeru. Mukayatsa `God Mode`, zovulaza zimachepa ndi 20%, ndipo mukafa kamodzi zimachepanso ndi 2%, mpaka kufika pa 80%. Kuchoka pa 20 kufika pa 80 kumafuna kufa ka 30. Nkhonya imene imachotsa 10 imayamba kuchotsa 8, ndipo kwa amene wavutika kwambiri imadzafika pa 2. Koma ambiri safika kumeneko, chifukwa luso lawo likukwera pamene chitetezo chikukweranso, ndipo pena pake ziwirizo zimakumana n'kupambana.

Ndili ndi dzanja limodzi logwira bwino ntchito. Padi ndiigwire bwanji?

Yambani ndi kusamutsa mabatani. Lembani pansi zochita zitatu kapena zinayi zimene mumachita kawirikawiri mu gemuyo, n'kuziika pa mabatani amene dzanja lanu labwino limafikira. Gemu ikakana, makinawo amalola: pa PS4 ndi `Settings > Accessibility > Button Assignments`, ndipo PS5 ndi Xbox zili ndi zofanana nazo. Dziwani kuti mukasintha pa makina, zithunzi za mabatani pa sikirini sizisintha. Gemu idzati dinani X pamene X munamusamutsa, ndiye masiku oyamba khalani ndi kapepala pambali.

Kenako fufuzani mawu awiri, `Hold` ndi `Toggle`. `Hold` imafuna kuti mugwirebe batani nthawi yonse mukuthamanga kapena kulozetsa, `Toggle` mumadina kamodzi kuyatsa, kamodzi kuzimitsa. Kwa munthu wa nyamakazi kusiyana kwake ndi kusewera mphindi 10 kapena ola lathunthu. Magemu ambiri atsopano amalolanso kusintha malo ofuna kudina batani mobwerezabwereza kuti muzingoligwira. Mu mpira muli makonzedwe a `Two Button` ndi `One Button`, pamene gemu imakusankhirani mtundu wa pasi kapena shoti malinga ndi pamene muli.

Zida zapadera zilipo. Xbox Adaptive Controller ya mu 2018 ili ndi mabowo 19 olumikizirapo mabatani akuluakulu odina ndi phazi, chigongono kapena chibwano, ndipo PlayStation inatulutsa Access controller mu 2023. Kwathu kuno n'zodula ndiponso zovuta kupeza. Njira yosafuna kugula chida chatsopano ndi yophatikiza mapadi awiri kuti agwire ntchito ngati imodzi, imene Xbox inayamba nayo mu 2017 pa dzina la `Copilot` ndipo PS5 nayo ili nayo. Wina amayendetsa, wina amadina mabatani, kapena munthu mmodzi amaika padi ina pansi pa phazi.

Nanga ovutika kumva?

Mawu olembedwa pansi pa sikirini ndi poyambira, koma onani ngati mungawakulitse, kuwaikira mthunzi wakuda kumbuyo, ndi kuonetsa dzina la amene akulankhula. Popanda dzinalo, anthu atatu akamakangana simudziwa wanena ndani. Ngati khutu limodzi lokha ndi limene limamva, yatsani `Mono Audio` kuti mawu onse abwere mbali zonse ziwiri.

Chovuta kwambiri ndi phokoso limene si mawu a munthu, monga mapazi a mdani kumbuyo kwanu. Fortnite ili ndi `Visualize Sound Effects`, imene imajambula bwalo pakati pa sikirini n'kuonetsa mbali imene mapazi, mfuti kapena galimoto zikumvekera. M'kachipinda kanga, ma TV atatu akamalira pamodzi ndi jenereta panja, tonse timakhala ngati osamva, ndipo setingi imeneyi amaiyatsa ngakhale a makutu abwino.

Kodi munthu wosaona angaseweredi?

Inde, pa magemu amene anakonzedwa ndi iye m'maganizo. The Last of Us Part II ili ndi masetingi othandiza oposa 60. Kwa oona pang'ono ili ndi `High Contrast Display`, imene imatuwitsa dziko lonse n'kusiya anzanu abuluu, adani ofiira, ndi zinthu zotola zachikasu. Kwa osaoneratu, gemu imawerenga menyu mokweza, batani limodzi limatembenuza wosewera kuloza kumene ayenera kupita, ndipo kaphokoso kosiyana kamamuuza pamene pali polumpha, pokwawa kapena chotola. Anthu osaona aimaliza gemuyi okha.

Magemu ambiri omenyana anthu awiri amathekanso, chifukwa onse amayenda pa mzere umodzi, kumanzere ndi kumanja, ndipo mahedifoni amauza khutu kumene mdani ali. Street Fighter 6 ya mu 2023 inawonjezera phokoso losonyeza kutalikirana kwa omenyanawo, ndipo chaka chomwecho Sven van de Wege wa ku Netherlands, amene saona, anagonjetsa mmodzi mwa opikisana naye pa mpikisano waukulu wa EVO. Malire ake ndi akuti mawu owerenga menyu ali m'Chingerezi ndi zinenero zina zazikulu, Chichewa mulibe, ndiye tsiku loyamba pamafunika wina wokhala pambali.

Masetingiwa amagwiranso ntchito posewera ndi anthu ena pa intaneti?

Ena okha. Zokhudza mmene inu mukuonera ndi kumvera, monga mitundu, zilembo ndi mabatani, zimagwira. Zokhudza malamulo a masewero, monga liwiro, moyo ndi mphamvu ya mdani, sizingagwire, chifukwa nonse muli m'bwalo limodzi ndipo nthawi singayende mosiyana kwa anthu awiri.

Pakati pake pali zinthu zimene opanga magemu amaziyeza pa sikelo. Mu Street Fighter 6, makonzedwe a `Modern` amalola kutulutsa nkhonya yapadera ndi batani limodzi m'malo mozunguza chala, ndipo amaloledwa m'mipikisano. Mtengo wake ndi wakuti nkhonya yotulutsidwa mwachidule chotero imavulaza mocheperako ndi 20%, komanso nkhonya zina wamba zimasowa. Amene zala zake sizitha kuzungulira msanga walowa m'bwalo, ndipo amene anaphunzira njira yakale sanalandidwe kanthu.

Mwana wanga amamva chizungulire ndi nseru akamasewera. N'kulodzedwa ndi gemu kapena chiyani?

Ndi zofanana ndi zimene zimachitika m'minibasi: maso akunena kuti mukuyenda, khutu lamkati likunena kuti mwakhala pansi. Zimitsani `Motion Blur`, `Camera Shake` ndi `Head Bob` ngati zilipo, kwezani `Field of View`, mwanayo akhale patali ndi TV, ndipo m'chipinda mukhale kuwala.

Khunyu ndi nkhani ina. Mwa anthu ena odwala khunyu, kuwala kothwanima mofulumira kutha kuyambitsa kugwa, ndipo n'chifukwa chake malangizo a opanga zinthu za pa sikirini amaletsa kuthwanima koposa katatu pa sekondi. Setingi yochepetsa kuthwanima imathandiza koma si chitsimikizo. Mwana akayamba kuphethira modabwitsa, kugwedezeka, kapena kungoti duu osayankha, zimitsani TV nthawi yomweyo ndipo mukaonane ndi achipatala asanasewerenso.

Ndingadziwe bwanji ndisanagule kapena kutsitsa gemu kuti ili ndi zimene ndikufuna?

Sitolo za Xbox ndi PlayStation zimaika pa tsamba la magemu ambiri mndandanda wa masetingi othandiza amene alimo, ndiye yambani kuwerenga pamenepo musanawononge bandulo. Mndandandawo umangonena kuti setingi ilipo, sunena ngati ndi yabwino: mawu oti gemu ili ndi setingi ya mitundu sakuuzani ngati ndi sefa chabe kapena zizindikiro. Fufuzani kanema woonetsa menyu yeniyeni polemba dzina la gemu ndi mawu oti `accessibility options`, muone ndi maso anu.

Ngati mukugula disiki yakale kwa munthu, kumbukirani kuti masetingi ena anabwera pambuyo pake kudzera pa intaneti, ndipo pa disiki pokha sapezeka mpaka mutatsitsa zowonjezerazo. Pemphani wogulitsayo ayiyatse pamaso panu, mutsegule `Settings`, ndipo amene adzaisewereyo agwire padi yekha kwa mphindi zingapo ndalama isanatuluke m'thumba.